Fyuluta ikutsekeka, mainjekita akutha msanga: fufuzani dizilo musanagule zipangizo zina

Nkhani yake imakhala yomweyomweyi. Galimoto ya dizilo yafika pagalaja mphamvu zitatha, utsi uli tolotolo, mwini wake akudandaula kuti fyuluta anasintha mwezi watha womwewu. Makaniko asintha mainjekita, ndalama zambiri zapita, koma pakangotha miyezi ingapo galimoto ija yabweranso ndi matenda omwe aja. Pamenepo onse amagwirizana chimodzi: "Dizilo wa masiku ano ndi wa salufa wambiri." Wina amatsutsa kuti ayi, vuto ndi loti salufa anamuchotsa, n'chifukwa chake dizilo sakutereranso.

Onse awiriwa agwira kachidutswa chabe ka choonadi, ndipo n'chifukwa chake vutoli silikutha. Pa magalimoto amene ndatsegula, chimene chimapha injekita nthawi zambiri ndi madzi, fumbi ndi palafini. Salufa ali ndi mlandu wakewake, koma ntchito yake yoipa amaigwira kwambiri dizilo akapsa kale: mu oyilo, pansonga pa nozo ndi m'njira ya utsi. Mukasiyanitsa zimenezi mudziwa poyambira kufufuza.

## Salufa amachita chiyani, sachita chiyani

Salufa amabwera ndi mafuta kuchokera pansi pa nthaka, ndipo amayezedwa ndi ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1 miliyoni. Thanki ya malita 80 imanyamula dizilo wolemera makilogalamu pafupifupi 67. Ngati dizilo ndi wa 50 ppm, m'thankimo muli salufa wokwana magalamu atatu ndi pang'ono. Wa 500 ppm ali ndi magalamu 34, pamene wa 5,000 ppm ali ndi magalamu oposa 330, ndipo onsewo amapsera m'injini mwanu pa thanki imodzi yokha.

Mayiko a Kenya, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Burundi anayamba dizilo wa 50 ppm mu 2015, ndipo Malawi ndi Mozambique anatsatira cha mu 2017. Ku Zambia dizilo wa salufa wambiri ankachokera ku fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola, koma kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA imanyamula dizilo woyengeka kale wa salufa wochepa kuchokera ku Dar es Salaam. Ku Ulaya ndi ku Japan malire ndi 10 ppm, ndipo magalimoto ambiri atsopanopo amene timaitanitsa kumeneko anawapangira dizilo wotere.

Salufa akapsa amasanduka mpweya womwe ukakumana ndi chinyezi umapanga asidi. Asidiyo amatsikira mu oyilo, amadya makoma a masilinda ndi maring'i, amachititsa dzimbiri pansonga pa nozo ndi m'zipangizo za EGR zimene zimabwezera utsi wina m'injini, komanso amalemetsa DPF, sefa yogwira mwaye m'njira ya utsi. Izi zimakula injini ikamayenda yozizira, monga galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi m'tauni.

Nanga zoti salufa ndi amene amatereretsa dizilo? Si salufa weniweniyo. Pomuchotsa kufakitale, zimachokera limodzi ndi tinthu tina timene timapangitsa dizilo kuterera, ndiye amathiramo mankhwala obwezeretsa kuterera kuja. Dizilo wa 50 ppm wosasokonezedwa ndi wabwino kwa pampu yakale ndi yatsopano yomwe. Vuto limayamba wina akamusungunula ndi palafini.

Kuterera n'kofunika chifukwa pampu ndi mainjekita ambiri alibe oyilo wina: dizilo yemweyo ndiye oyilo wake. Injekita ya injini yakale, monga ya chigayo kapena ya Land Cruiser ya 1HZ, imatseguka pa puresha ya mabaa 100 mpaka 250. Ya komoni relo, injini yamakono imene mainjekita ake onse amalandira dizilo kuchokera mu paipi imodzi ya puresha yotchedwa relo, imagwira ntchito pa mabaa 1,600 mpaka kupitirira 2,000, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi wa maikuloni awiri kapena atatu. Tsitsi la munthu ndi lonenepa maikuloni pafupifupi 70, ndipo diso silitha kuona kanthu kochepera maikuloni 40. Choncho fumbi limene limapha injekita simungalione, ngakhale dizilo akuoneka woyera mbee m'botolo.

## Musanamasule chilichonse: botolo ndi fyuluta yakale

Pezani botolo lagalasi loyera, louma bwino. Tsegulani kampopi ka pansi pa fyuluta, mukhetsere m'botolomo dizilo wokwana theka la kapu kapena kuposerapo. Lisiyeni pamthunzi kwa mphindi 30, kenako muliyang'ane moloza kowala.

- Dizilo wabwino amaonekera mpaka kuseri, mungathe kuwerenga zilembo za nyuzipepala kudzera m'botolomo.
- Akakhala wambuu ngati mwadonthezamo mkaka, madzi asakanikirana naye.
- Madontho kapena kamzere pansi ndi madzi amene adekha.
- Mukalizunguza botolo, zinyalala zimasonkhana pakati penipeni pansi pake.
- Zoterera ngati mamina pamalire a madzi ndi dizilo ndi tizilombo tomera m'thanki.

Mtundu wa dizilo, kaya ndi wachikasu, wobiriwirako kapena woyererako, sunena kanthu za salufa. Salufa saoneka ndi maso, ndipo mphuno singakuuzeni kuchuluka kwake. Amayezedwa kulabotale basi. Palafini nayenso ndi wovuta kumugwira. Ena amayeza kulemera kwa lita imodzi pasikelo, poti dizilo amalemera magalamu 820 mpaka 860 pamene palafini amalemera pafupifupi 800. Koma mukasakaniza malita anayi a dizilo wa magalamu 835 ndi lita imodzi ya palafini, lita ya chisakanizocho imalemera pafupifupi magalamu 828, zomwe zikadali m'malire a dizilo wabwino. Sikelo imangogwira wakuba wopanda manyazi.

Fyuluta yakale musaitaye musanaione m'kati. Iduleni ndi chodulira mapaipi kapena tchizulo, osati sowo, chifukwa sowo imasiya tizitsulo take n'kukunamizani. Tambasulani pepala lake padzuwa. Pepalalo ndiye mboni yabwino kuposa aliyense amene mungamufunse.

## Chizindikiro choyamba: fyuluta ikutsekeka nthawi yake isanakwane

Galimoto imayenda bwino pamalo athyathyathya, koma ikafika pachitunda kapena mukafuna kupitirira lole, imafooka ngati wina waigwira kumbuyo. Mukaima pang'ono n'kuilizanso, mphamvu zimabwerera kwa kanthawi. Pa komoni relo nyali ya injini imayaka, ndipo sikana nthawi zambiri imaonetsa P0087, kutanthauza kuti puresha ya m'relo yatsika.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Dizilo wa m'zigubu ndi m'migolo. Mafuta akasowa tonse timathamangira kwa mavenda, ndipo sindinganamizire kuti ine sindinaguleko. Koma onani chigubucho. Zambiri ndi zachikasu zija za malita 20 zomwe munali mafuta ophikira, zotsukidwa ndi madzi ndi mchenga, chivindikiro chake n'chomangira pulasitiki. Fanulo ndi botolo lodulidwa lomwe limagona pafumbi. Pepala la fyuluta likakhala ndi dothi lofiirira lokhakhala pa zala, gwero lake ndi limeneli. Mafuta ophikira otsalira amasiya zomatamata zonga ulimbo. Chochita: sinthani fyuluta, ndipo ngati mwakakamizika kugula wa m'chigubu, musiyeni adekhe tsiku lathunthu, muthire mosamala kudzera pa fanulo ya sefa, malita awiri apansi muwasiye. Nsalu imagwira zinyalala zazikulu zokha, ndipo yothothoka ulusi imawonjezera vuto.

2. Tizilombo tomera m'thanki. Pamene pali madzi pansi pa dizilo pamamera mabakiteriya ndi nkhungu, makamaka kumalo otentha ngati kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Fyuluta imatuluka yakuda kapena yabulauni, yoterera, nthawi zina yonunkha ngati dzira lowola. Imeneyi ndi nthenda ya majenereta, mathirakitala ndi mapampu a mthirira amene amakhala miyezi osalira. Kungosintha fyuluta n'kutaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo itsekekanso pa masabata ochepa. Thanki itsitsidwe, itsukidwe, iume, mapaipi apemereredwe ndi mpweya. Mankhwala ophera tizilomboti amathandiza, koma dziwani kuti zakufazo zimathera m'fyuluta, choncho khalani ndi ina yapadera.

3. Dzimbiri ndi fumbi la m'thanki yanu yomwe. Thanki imapuma: dizilo akamatsika, mpweya umalowa. Pa galimoto yoyenda m'misewu yafumbi, kapaipi kopumira kakang'ambika kapena labala ya chivindikiro ikatha, fumbi limalowa tsiku ndi tsiku. Mwina mukutukwana malo omwetsera mafuta pamene wolakwa ndi chivindikiro cha ndalama zochepa. Tizidutswa tofiira tomamatira ku maginito ndi dzimbiri la thanki.

4. Dizilo wokalamba. Akakhala miyezi 6 mpaka 12, makamaka pamalo otentha, amada n'kuyamba kupanga zinyalala zakezake. Pepala limakhala lakuda bii koma losaterera. Kuda kotereku kumabweranso ngati wina anathiramo oyilo wakutha.

5. Fyuluta yabodza kapena yosayenera. Ya komoni relo imasefa mpaka maikuloni 2 kapena 5, ndiye imadzaza msanga kuposa ya injini yakale, ndipo kuteroko ndiye kugwira ntchito kwake. Ndimamva anthu akuyamikira fyuluta yotchipa kuti "iyi ndiye yolimba, sitsekeka." Fyuluta yosatsekeka pa dizilo wakuda ndiye kuti ikudutsitsa zonse kupita ku mainjekita.

6. Phula la dizilo pozizira. Kwathu kuno n'zosowa. Abale amene ali ku Britain kapena kumtunda kwa South Africa m'nyengo yachisanu ndi amene angakumane nazo: fyuluta imatsekeka m'mawa, dzuwa likatentha zonse zili bwino.

Salufa sali pamndandandawu, ndipo si kuti ndamuiwala. Iye amakhala wosungunuka m'dizilo ndipo amadutsa pa fyuluta iliyonse. Kungoti dizilo wa njira zachinyengo, yemwe angakhale ndi salufa wambiri, amakhalanso wosungidwa mwauve, ndiye anthu amaphatikiza milandu iwiriyi.

## Chizindikiro chachiwiri: nyali ya madzi ikuyakayaka

Nyaliyi ikayaka, imani pamalo abwino nthawi yomweyo, osati mukafika. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 590 umalola madzi osapitirira mamiligalamu 200 pa kilogalamu, zomwe pa thanki ya malita 80 ndi pafupifupi supuni imodzi yaikulu. Madzi akadutsa fyuluta amachotsa kuterera, amachititsa dzimbiri m'kati mwa pampu galimoto ikagona, ndipo akhoza kuswa nsonga ya nozo.

1. Madzi ochokera kumene munamwetsa. Ngati nyali yayaka pasanathe makilomita 50 chimwetsereni, kayikirani mafutawo, makamaka m'dzinja pamene madzi amvula amatha kulowa m'mathanki apansi.
2. Chinyezi cha m'thanki. Thanki yogona ndi dizilo wochepa imachita thukuta m'kati usiku kukazizira. Madziwo amakhala ochepa koma obwerabwera. Dzazani thanki madzulo mukaweruka, osadikira m'mawa.
3. Chivindikiro kapena kapaipi kopumira kolowetsa madzi potsuka galimoto kapena powoloka mtsinje.
4. Sensa yowonongeka. Mukakhetsa n'kupeza dizilo yekhayekha koma nyali osazima, onani kachoyandama ka m'kati ndi mawaya ake.

Khetsani mpaka dizilo woyera atuluke, tsekani, popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe. Nyali ikayakanso tsiku lomwelo, madzi ali m'thanki ambiri. Musapitirize ulendo, thanki ikhuthulidwe.

## Chizindikiro chachitatu: injini ikuvuta kulira, makamaka ikatentha

Apa ndi pamene pamathera ndalama za anthu ambiri, ndiye ndichedwapo. M'mawa galimoto ikulira bwinobwino, koma mukayenda n'kuizimitsa pamsika, sitata imazungulira nthawi yaitali isanagwire. Kenako imayamba kugogoda ikakhala yozizira, kunjenjemera itaima, n'kumatulutsa utsi woyera wowawa m'maso.

Chikuchitika n'chakuti kavalavu ka m'kati mwa injekita kakokoloka. Dizilo wothamanga pa puresha yoopsa ija, atanyamula fumbi losaoneka, amakumba kanjira pachitsulo monga madzi amakumbira ngalande m'munda. Dizilo wambiri amayamba kuthawira ku paipi yobwerera kuthanki. Akatentha amapyapyala, ndiye amathawa kwambiri, ndipo relo imalephera kufika pa mabaa 200 mpaka 300 amene kompyuta imadikira isanalole mainjekita kutseguka.

Yambani mwatsimikiza kuti batire ndi sitata zili bwino, ndiponso kuti mpweya sukulowa pa mutu wa fyuluta. Zikakhala bwino, zoyambitsa za ku mbali ya dizilo ndi izi:

1. Fumbi lodutsa fyuluta, chifukwa cha fyuluta yabodza, yong'ambika, kapena chizolowezi chodzaza fyuluta yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu musanaimange. Dizilo wothira pakati pa fyuluta amapita ku pampu osasefedwa. Imangeni youma, mupope ndi kapampu kake.
2. Madzi, omwe amasiya madontho a dzimbiri pa singano ya nozo.
3. Palafini kapena petulo m'dizilo. Pampu imayamba kudzidya yokha, zitsulo zimakhala ndi mikwingwirima yonyezimira.
4. Zomatirira m'kati mwa injekita ndi m'timabowo ta nozo. Dizilo wosungidwa m'chidebe kapena m'thanki ya malata opaka zinki amasungunula zinkiyo, ndipo ngakhale 1 ppm yokha imakwanira kuyambitsa zotseka timabowo. Mapaipi a kopa nawonso amakalambitsa dizilo msanga.
5. Salufa wambiri, amene asidi wake amadya nsonga ya nozo kuchokera kunja, mbali ya moto. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali, ndipo zikafika poonekera pa nozo, oyilo ndi EGR zimakhala zitadandaula kale.

Kuyeza kwake n'kwa dizilo wobwerera: makaniko amalumikiza timabotolo tofanana pa injekita iliyonse, injini n'kulira mphindi zingapo, kenako n'kufananiza. Chofunika si nambala yeniyeniyo koma kusiyana kwake. Mainjekita ena, a mtundu wa piezo, amafuna zida zapadera, choncho si ntchito yongoyesera.

### Mmene zinayendera pa pikapu ina

Inali pikapu ya komoni relo ya masilinda anayi, yonyamula katundu wa pafamu. Mwini wake anali atasintha kale mainjekita onse anayi miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, ndipo anafika ali ndi mkwiyo ndi amene anamugulitsa, akuti anamupatsa zabodza. Galimoto inkavuta kulira ikatentha, sikana ikuonetsa P0087.

M'botolo munatuluka dizilo wambuu, ndipo patatha theka la ola pansi panadekha madzi okwana chala chimodzi chopingasa. Nyali ya madzi sinkayaka chifukwa waya wa sensa unali utaduka kalekale. Fyuluta inali yopanda dzina, yopepuka m'manja, ndipo titaidula tinapeza pepala litalekana ndi chitsulo chakumapeto, mpata woti n'kulowetsa chikhadabo. Pa timabotolo, mainjekita atatu anabweza mamililita 18, 20 ndi 19, koma yachitatu pamzere inabweza 55 pa nthawi yomweyo.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, dizilo mumamwetsa kuti?" Anati amagula pamalo omwetsera mafuta ovomerezeka, koma mu migolo iwiri ya malita 200 yomwe imakhala kufamu. Nditapita kukaona, migoloyo inali chiimire panja pansi pa mtengo wa mango, madzi amvula atadikha pamwamba mozungulira zotsekera. Mgolo ukatentha masana umatulutsa mpweya, usiku ukazizira umakoka, ndipo umakokera madzi aja m'kati kudzera m'mazinga a chotsekera. Paipi ya kapampu kamanja inkafika pansi penipeni, ndiye choyamba kulowa m'galimoto anali madzi ndi matope.

Dizilo anali wabwino pogula, mainjekita analinso enieni. Tinatsuka thanki, kuika fyuluta yeniyeni, kulumikiza sensa, n'kutumiza mainjekita onse anayi kwa oyeza pamakina. Imodzi ndi imene inafunika kusintha. Migolo tinaigoneka chammbali pa matabwa pansi pa denga, paipi tinaifupikitsa kuti isiye masentimita 10 kuchokera pansi. Tikanangosintha injekita ija, bamboyo akanabweranso mvula isanathe.

## Chizindikiro chachinayi: utsi wakuda, oyilo kutha mphamvu msanga, nyali ya DPF

Apa ndiye pabwalo pa salufa, ngakhale kuti si iye woyamba kumukayikira.

1. Fyuluta ya mpweya yotsekeka kapena paipi ya tebo yong'ambika. N'zotchipa kuona, yambirani pamenepo.
2. Nozo zosapopera bwino. M'malo mwa nkhungu yosalala zikutulutsa madontho, dizilo sakupsa yense, mwaye ukuchuluka.
3. Maulendo afupiafupi. DPF imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 600 kuti iwotche mwaye. Galimoto yongozungulira m'tauni sifikapo, ndipo kompyuta ikamayesayesa kuwotcha, dizilo wina amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa chitsulo choyezera m'malo motsika, ndi zimenezo. Sikana imaonetsa P2463 kapena P2002.
4. Oyilo wosayenera. Galimoto ya DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa ACEA C monga C2 kapena C3 malinga ndi buku lake. Phulusa la oyilo wamba silipsa, limangodzaza DPF.
5. Dizilo wa salufa wambiri. Mukayikireni ngati mavutowa ayamba mutamwetsa dizilo wosadziwika gwero lake, monga wopopedwa m'malole kapena wopangira makina a m'mafakitale. Utsi umanunkha mowawa ngati machesi ongoyatsa, EGR imadzaza mwaye msanga n'kuonetsa P0401, DPF imapempha kuwotcha pafupipafupi.

Dizilo wa 500 ppm sayenera kulowa m'galimoto ya DPF. Thanki imodzi singaiphe, ndipo mukabwerera ku dizilo wabwino n'kuyenda ulendo wautali, zambiri zimakonzeka zokha. Kubwerezabwereza ndiye kumapha. Injini yakale imapirira, koma oyilo wake ndi amene amalipira: mu oyilo muli mankhwala olimbana ndi asidi, ndipo amatha msanga salufa akachuluka. N'chifukwa chake mabuku ambiri a injini amati salufa akapitirira 5,000 ppm, oyilo azisinthidwa pa theka la mtunda wa nthawi zonse. Palibe mankhwala a m'botolo amene amachotsa salufa m'thanki, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

## Chizindikiro chachisanu: tizitsulo tonyezimira m'fyuluta

Mukaona tonyezimira ngati siliva m'botolo, papepala la fyuluta kapena pa kavalavu ka pampu, zimitsani injini ndipo musailizenso. Pampu ya puresha yayamba kusweka m'kati, kawirikawiri chifukwa cha petulo, palafini kapena madzi, ndipo tizitsuloto tafalikira ku relo, ku mainjekita ndi kuthanki kudzera pa paipi yobwerera. Galimoto ikokedwe. Kuika pampu yatsopano osatsuka kapena kusintha njira yonse ya dizilo n'kuipha tsiku lomwelo.

Chimodzimodzi mukazindikira kuti akuthirirani petulo: musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa magalimoto ambiri amayamba kupopa mafuta kiyi akangoyatsa nyali za padashibodi. Ikankheni pambali, thanki ikhuthulidwe pomwepo.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Musamasule paipi yachitsulo ya komoni relo injini ikulira, ndipo musafufuze podontha ndi chala. Njira yomasula paipi imodziimodzi kuti mumve silinda yofooka ndi ya injini zakale. Dizilo wa puresha yotere amaboola khungu; kabala kake kamaoneka kakang'ono koma munthu akhoza kuduka chala kapena dzanja. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti ndi mafuta olowa ndi puresha.
- Injini ikugogoda mwamphamvu pamodzi ndi utsi woyera wambiri. Injekita yokakamira chotsegula imatha kuboola pisitoni pa makilomita ochepa.
- Oyilo wakwera kwambiri ndipo akununkha dizilo. Injini ikhoza kuyamba kumwa oyilo wake n'kuthamanga yokha osazimitsika ndi kiyi.
- Injekita ya komoni relo siphwasulidwa pansi pa mtengo. Imafuna chipinda chopanda fumbi ndi makina oyezera, ndipo yambiri ikamangidwa nambala yake imayenera kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto. Mawashala akopa a pansi pake azikhala atsopano nthawi zonse.
- Makaniko akakuuzani kuti mainjekita onse atha asanayeze dizilo wobwerera kapena kuona fyuluta, pemphani kuti ayeze kaye muli pomwepo.

## Ngati mukukhulupirira kuti anakugulitsani dizilo woipa

Umboni umatha msanga, choncho chitani izi tsiku lomwelo. Sungani lisiti. Tengani dizilo wokwana lita imodzi kuchokera m'thanki ya galimoto, osati wa pansi pa fyuluta yekha, chifukwa fyuluta imasonkhanitsa madzi a miyezi yambiri ndipo eni malo akhoza kukana mosavuta. Muikeni m'botolo loyera lotsekeka bwino, mulembepo tsiku, malo ndi makilomita a galimoto, ndipo pakhale munthu wina woonerera. Fyuluta yakale muikulunge m'pulasitiki.

Ku Malawi dandaulo lotere limapita ku MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo za miyezo ndi kuyeza kulabotale ndi ntchito ya MBS. Ku Zambia pitani ku ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi kumeneko. Popempha kuyeza, musangoti aone salufa yekha. Tchulaninso madzi, zinyalala, kulemera kwa lita, ndi kutentha kumene nthunzi ya dizilo imayamba kugwira moto. Dizilo weniweni nthunzi yake sigwira moto asanatenthe kupitirira madigiri 55, pamene palafini amayambira cha pa 38 ndipo petulo amayaka ngakhale ali wozizira. Nambala imeneyi ikatsika, ndiye kuti m'dizilomo munathiridwa china.